Bokosi la zithunzi litsekedwe mu Seputembala

Chithunzi chotsukidwa ku situdiyo si pepala wamba. Pamwamba pake pali kachikopa kopyapyala ka jelatini, ndipo nkhope zonse zimene timaziona zili m'kachikopa kameneka. Jelatini amamwa chinyezi cha mumpweya. Akamwa amafewa n'kuyamba kunanda ngati ulimbo, ndiye zithunzi ziwiri zikapanikizana zimagwirana. Komanso jelatiniyo ndi chakudya cha chuku. Chinyezi chikakhala pamwamba pa 65 peresenti kwa masiku angapo, kunja kukutentha, chuku chimayamba kumera. Kwathu ku Nkhata Bay, nyengo ya dzinja, chinyezi chotere ndi cha tsiku ndi tsiku.

Amayi ali ndi zithunzi pafupifupi 200, ndipo mwa zonsezo chimodzi chokha ndicho chili ndi agogo aamuna, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Negetivi yake inasowa kalekale. Zithunzizi zinkakhala m'jumbo, jumboyo ili m'sutikesi kunsi kwa bedi, pasimenti. Amayi ankati jumbo imatchinga madzi. Zoona imatchinga, koma imatsekeranso mkati chinyezi chimene yachipeza. Ukamanga jumbo mu Febuluwale, ndiye kuti wamangira Febuluwaleyo momwemo chaka chonse.

Zizindikiro zake sizivuta. Fungo la nyumba yotsekedwa limayamba kumveka maso asanaone kanthu. Kenako pamabwera timadontho totuwa tokhala ngati ufa, makamaka m'mphepete. Chithunzi chikakhala ndi malo ena onyezimira kuposa ponse, ndiye kuti chinayamba kale kumata pa pulasitiki kapena pa galasi.

Ntchito yokonza ndinaigwira mu Seputembala, mvula itasiya kalekale, mpweya utauma. Ndinayamba ndi kujambula chithunzi chilichonse pa foni ndisanachite china chilichonse. Kenako ndinaziyala pa mphasa m'chipinda cholowa mphepo, nkhope kumwamba, kwa masiku awiri. Padzuwa ayi, chifukwa dzuwa limafwifwitsa mitundu ndi kupinda pepala. Zachuku ndinazipatula, ndipo zitauma ndinazisesa panja ndi kaburashi kofewa, nditavala masiki. Chuku chonyowa sapukuta, chimangopakika n'kuchotsa nkhope.

Zinayi zinali zitamatana. Apa m'pofunika mtima wodekha, chifukwa ukakoka zouma, nkhope ya wina imatsalira kumsana kwa chinzake. Poti zinali zakalala za ku situdiyo, zija zoterera kumsana ngati pulasitiki, ndinaziviika m'madzi oyera ozizira kwa mphindi 30, n'kumazisuntha pang'onopang'ono zili m'madzi momwemo mpaka zinalekana. Njira imeneyi si ya chithunzi chilichonse. Chosindikizidwa ndi inki pa pulinta chimasungunuka, mawu olembedwa kumsana amatha kufufutika, ndipo jelatini amene wadyedwa ndi chuku amayoyoka m'madzi. Cha agogo chikanakhala pakati pa zinayizo, ndikanachisiya chomata chomwecho.

Zitauma ndinaziika m'kontena ya pulasitiki ya malita 5, ija yokhala ndi labala pa chivindikiro. Ndinaziimika chilili m'malo moziunjika, kuti zapansi zisapanikizike, ndipo pakati pa chithunzi ndi chithunzi ndinaika pepala loyera losalembedwa. Nyuzipepala ayi, imasiya inki ndipo imachititsa chikasu. Pambali ndinaika kathumba ka nsalu ka magalamu 100 a silika jelo, timibulu tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Ndinagula wamtundu wa lalanje, amene amasintha mtundu akakhuta chinyezi, chifukwa woyera uja sakuuza kuti watopa. Timapaketi takale ta m'nsapato nthawi zambiri timakhala titakhuta kale. Akasintha mtundu ndimamuyala pa thireyi n'kumuumitsa mu uvuni pa madigiri 120 kwa maola awiri, kenako amaziziririra m'botolo lotseka asanabwerere m'kontena.

Amayi anandifunsa kuti, “Nanga osangothiramo mpunga bwanji, monga muchitira ndi mafoni anuwo?” Ndinawauza kuti mpunga umamwa chinyezi pang'ono chabe, ndipo umaitana anankafumbwe. Anafunanso kuti cha agogo tikachimate pulasitiki ngati chiphaso. Ndinawapempha kuti asatero, chifukwa makina ake amawotcha, ndipo guluu akagwira chithunzi sachokanso. Tinangotsukitsa kope kuchokera pa foni, ndiyo ili m'felemu pabalaza.

Kontenayo imakhala pa shelefu, kutali ndi simenti ndi khoma limene mvula imawomba, komanso osati pafupi ndi malata pamene pamatentha masana. Mkati muli kachipangizo koyezera chinyezi, koonekera kunja popanda kutsegula. Ndimafuna kazisonyeza pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Kakafika 60, silika jelo watopa kapena labala wa chivindikiro watha, ndipo ndimayang'ana labalayo kaye ndisanayatse uvuni.