Khutu la Mai wa ku Chawama

Mai wina wogulitsa tomato ku Chawama anali kudziwa kuwerenga Cingelezi, koma dokotala atafotokoza msangamsanga za mankhwala a mwana wace, anangogwedeza mutu osatolapo kanthu.

Kuyambira pamenepo anali kumvera nkhani m'Cinyanja pa wailesi yoyamba ya ZNBC, pambuyo pace nkhani za tsiku lomwelo m'Cingelezi pa yaciwiri. Popeza nkhaniyo anali ataidziwa kale, khutu linali kungosaka mau. Mwana wace wamkulu anamuikira m'foni maphunziro aulele a BBC, a mphindi 6, kuti aziwabwereza osagulanso mabandulo. Pomvera kaciwiri anali kulemba mau atatu omuzemba, nakawafuna m'dikishonale ku laibulale ya m'tauni.

Kumvera uku akuwerenga anakuleka msanga, cifukwa maso anali kulanda nchito ya khutu.