Nkhope ni yanu, thupi si lanu: yambani na umboni

Mu Januwale 2024 zithunzi zolaula zabodza za woyimba Taylor Swift zinafala pa X mpaka kampaniyo inatseka kwa masiku angapo mwayi wosaka dzina lake. Ine nimalemba za oyimba, koma amene nimawadera nkhawa ni inu a ku Petauke na Nyimba, mulibe maloya ngati iye. Manje chithunzi chimodzi chabe cha pa Facebook chikwanira kuti munthu aike nkhope yanu pathupi la wina.

Tinene kuti mumagwira nchito mukabufu ka ndalama za pafoni pamsika wa Petauke. Nambala yachilendo yakutumirani chithunzi chotere, ati "tumiza K500, ukakana nichiponya mugulupu ya kuchalichi." Mtima udzakuuzani kuti mufufute zonse. Osafufuta. Jambulani sikirinishoti yoonetsa nambala, mawu ake, tsiku na nthawi. Ngati chili kale pa Facebook, koperani linki ya positi na ya akaunti, chifukwa dzina la akaunti munthu amasintha mumphindi imodzi. Mukatero, m'pamene mum'buloke.

Ndalama osatuma. Mukalipira lero, chithunzi akali nacho, mawa adzafuna zina. Koma nambala yolandirira ndalama muisunge, chifukwa simu iliyonse mu Zambia imalembetsedwa na chitupa. Dzina lingakhale la munthu wina wosalakwa, ndiye osapita kukamenyana naye. Pitani kupolisi, funsani ofesi ya Victim Support Unit, muonetse umboni uli mufoni yanu. Lamulo la milandu ya pa intaneti lilipo, latsopano linasainidwa mu Epulo 2025. Dziwitsaninso a ZICTA. Mtima ukalema, imbani 933, ndipo ngati wovutitsidwa ni mwana, 116. Zonse ziwiri n'zaulere.

Ngati muli na zaka 18 kapena kuposa, tsegulani StopNCII.org. Chithunzi sichichoka mufoni yanu. Foni imapanga chidindo cha manambala chochokera pachithunzicho, ndipo Facebook, Instagram na TikTok amachigwiritsa nchito kuzindikira wina akafuna kuchiponya. Ochepera zaka 18 ali na yawo, Take It Down.

Apa nikuuzeni zoona: chidindocho sichifika mumagulupu a WhatsApp, chifukwa mauthenga a mmenemo ni otsekeka. Kumeneko lankhulani na adimini. Iye ali na mphamvu yofufutira onse uthenga wa membala, koma kwa masiku awiri chabe, ndiye m'imbireni lero lomwe.

Kunyumba auzeni nokha asanamve kwa ena. Ngati muli nacho chithunzi chenicheni chimene anabapo nkhope, aonetseni amayi kapena achikondi anu kuti ayerekeze: kapendekedwe ka mutu na kamwetulidwe n'kamodzimodzi, koma khungu la pakhosi nthawi zina silifanana na la pankhope.

Nanu anzake, osachituma kwa wina olo pofuna kum'chenjeza. Kufalitsa zolaula ni mlandu mu Zambia, chikhale chenicheni kapena chabodza. M'imbireni mwini wake, mum'tchulire gulupu na nambala ya amene waponya.