Kiyi yalowa mu git, isintheni

Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu osungitsira zipinda m'maloji a ku Senga Bay. Mlendo akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, pulogalamu imalankhula ndi kampani yolandira ndalamayo poonetsa kiyi yachinsinsi, ndipo imatsegula databesi ya maina ndi manambala a alendo ndi pasiwedi. Mfundo yomwe ndimaikakamira ndi yakuti chinsinsi chikangolowa mu git kamodzi, chatha ntchito, ndipo kuchifufuta sikuthandiza.

Chifukwa chake n'chakuti git saiwala. Mukalemba `git rm --cached .env` n'kuika dzinalo mu `.gitignore`, mwangoletsa kuti failoyo isalowenso. Kiyi ikadali m'mbiri, pa laputopu ya aliyense amene anakoperapo pulogalamuyo. Wokayika afufuze yekha:

```
git log -p --all -S 'DB_PASSWORD'
```

Akaona pasiwedi yeniyeni m'zimene zatuluka, adziwe kuti mnyamata amene anathandizako chaka chatha n'kupita ku Joni alinso nayo. N'chifukwa chake pa laputopu panga pamakhala makiyi oyesera okha, osasuntha ngakhale tambala, ndi databesi ya maina ongopeka. Makiyi enieni amakhala pa seva basi, m'failo yoikidwa `chmod 600`, yomwe pulogalamu imawerenga ikamayamba.

Anzanga ena amati pulogalamu yawo ili pobisika mu GitHub, ndiye palibe angaione. Komatu ya Uber inalinso pobisika mu 2016, pamene akuba analowamo, n'kupeza makiyi a seva, n'kutenga zokhudza anthu 57 miliyoni. Ena amati kaloji ka zipinda khumi ndani angakalabadire. Wakuba sasankha ndi maso: ali ndi mapulogalamu ongosesa malo oonekera usana ndi usiku kufuna chilichonse chooneka ngati kiyi, ndipo sadziwa n'komwe kuti Salima ili kuti.

Dandaulo lomwe ndimalimvetsa ndi la eni loji, akuti kusintha kiyi kuimitsa malipiro. Zimachitikadi mukayamba ndi kupha yakale. Pa databesi, yambani mwapanga dzina lachiwiri lolowera lokhala ndi pasiwedi yatsopano, muliike pa seva, muyambitsenso pulogalamu, musungitse chipinda chimodzi moyesa. Kenako yang'anani amene akulowabe ndi dzina lakale, poti kawirikawiri pamakhala kapulogalamu koiwalika, monga kosunga kope la databesi pakati pa usiku, komwe kamangofa mwakachetechete mpaka tsiku limene mukufuna kopelo. Mukakonza zimenezo, m'pamene mumafufuta dzina lakale. Pa kiyi ya malipiro, makampani ena amapha yakale nthawi yomweyo mukapempha yatsopano, choncho pamakhala mphindi zingapo zimene ndalama sizilowa. Ntchito imeneyo ndimaigwira Lachiwiri m'mamawa, osati Lachisanu madzulo a ku Lilongwe akutsikira kunyanja.