Tsiku limene ndinayesezera chibwibwi cha mkulu wina

Kwathu kwa Nthache ndinkadziwika kuti ndine katswiri woyesezera mawu a anthu. Pa nyengo ya manachesi, tikakhala pansi podikira ogula ochokera ku Blantyre, anzanga ankandipempha kuti ndiwachitire nduna yobwera kudzalonjeza mlatho. Ndinkatukula mimba, n'kutsokomola mwaulemerero, n'kuyala mwala wa maziko pa mtsinje womwewo kachitatu. Anthu ankagubuduka ndi phwete, ngakhale okalamba ena ankayamba acheuka kaye asanaseke.

Kucheuka kumeneko kuli ndi mbiri yake. Mu Meyi 1983, matupi a Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka pa msewu wa ku Thambani, m'boma lathu lomwe lino la Mwanza, ndipo dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. M'masiku amenewo, wofuna kudzudzula olamula ankayenera kuphimba mawu ake. Ndi mmene anachitira Jack Mapanje m'buku lake la ndakatulo la 1981, Of Chameleons and Gods: ankayenda ngati bilimankhwe, kusintha maonekedwe kuti mkwiyo wa akuluakulu usamupeze. Koma unamupezabe. Anamangidwa mu Sepitembala 1987, nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991, osazengedwa mlandu uliwonse.

Pa nthabwala yotere, amene amaika moyo wake pa chiswe ndi wosekayo. Wosekedwayo amakhala ndi apolisi, wailesi ndi malamulo, pamene wolemba amangokhala ndi cholembera. Ndiponso chimene chikusekedwa si thupi la munthuyo, koma zimene wachita ndi mpando umene anthu anamupatsa: lonjezo losakwaniritsidwa, ndalama za msonkho zosaoneka mutu wake, kudzikuza. Chitonzo choterocho chimagwira ntchito imene nyimbo za pamtondo zinkagwira, pamene mayi wopanda malo pabwalo la milandu ankaimba dandaulo lake mokweza kuti mudzi wonse ulimve.

Ine ndinkaganiza kuti luso ndi limodzi, kaya ukuyesezera ndani. Tsiku lina pa ukwati wa msuweni wanga, nditamaliza za nduna, anthu akufunabe zina, maso anga anagwera pa mkulu wina wa m'mudzi mwathu amene ankakonza njinga. Anali wachibwibwi. Ndinayesezera mmene amatchulira mtengo wa sipoko, kukakamira pa liwu loyamba mpaka wogula atatopa. Phwete linali lalikulu kuposa la nduna lija, ndipo kunena zoona, panthawiyo ndinamva kukoma.

Iwo anayesa kuyankha. Apa ndi pamene nkhani inaipira, pakuti liwu linawakanirira pakhosi monga momwe ndinali nditangochitira, anthu n'kusekanso kawiri. Mwana wawo wamng'ono anali ataima pambali pawo atagwira mbale ya mpunga.

Usiku umenewo malume anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Iwe mphwanga, nduna ija ikamva za iwe, itaya chiyani?" Ndinati palibe. "Nanga akulu aja mawa akatsegula pantchito pawo, ana asukulu akamadutsa, aziwaitana dzina lanji?" Kenaka anandikumbutsa kuti Surat al-Hujurat, pa ndime 11, imaletsa kunyozana ndi kupatsana maina achipongwe, ndipo imatero pochenjeza kuti wonyozedwayo angakhale wabwino kuposa wonyozayo.

Ndinadziteteza ponena kuti ife Amalawi timasereulana, ndipo pa chisuweni timanenana zoopsa kuposa zimenezi. Malume anavomera kuti n'zoona, koma anati msuweni amadziwa kuti masewerawo alipo, anabadwiramo, ndipo ali ndi ufulu wobweza tsiku lomwelo. Akulu aja sanali msuweni wanga. Sanapemphe voti ya munthu, sanasunge ndalama ya mudzi, ndipo chibwibwi sanachisankhe.

Pali mbali ina imene ndinaizindikira mochedwa, ndipo imandivutabe. Mpando sutanthauza kuti chilichonse cha munthu waudindo ndi chathu choseweretsa. Ndikaseka nduna chifukwa cha mlatho, ndikufunsa za ngongole imene ili nayo kwa ife. Koma ndikaseka matenda ake, kayendedwe kake kapena nkhope ya mkazi wake, ndabwerera pa ukwati paja, kungoti ndasankha munthu amene anthu sangamumvere chisoni. Ndipo ndikamunamizira kuba kumene sindikukudziwa, ndiye kuti ndanena bodza, ngakhale anthu aseke chotani.

Patapita masiku atatu ndinakankha njinga yanga, imene inalibe vuto lililonse, kupita nayo kwa akulu aja. Ndinapepesa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, nazunguliza gudumu lakutsogolo, n'kundiuza pang'onopang'ono kuti sipoko ziwiri zinali zolefuka. Anazimanga, ndipo ndalama anakana. Koma dzina limene linabadwa pa ukwati paja ana a m'mudzi analigwiritsabe ntchito kwa zaka zingapo, ndipo ena mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti linachokera kwa ine.