Wotchi ya agogo ndi chaka chobisika m'kati

Wotchi yam'thumba yomwe agogo anandisiyira idalembedwa Waltham kumaso, kutanthauza fakitale ya ku Massachusetts, Amereka. Nkhope yake ndi yoyera ya enamelo, manambala achiroma, koma sitayilo imeneyi idakhalitsa zaka zambiri, moti singakuuzeni chaka.

Pachivindikiro pali nambala, komatu ameneyo ndi msampha. Ku Amereka chikombole chinkapangidwa ndi kampani ina, ndipo wogula ankasankha yekha m'sitolo. Mawu oti "Guaranteed 20 Years" akungotanthauza golide wokutira, wotha kuperepeseka. Boma lidaletsa malonjezo oterewa mu 1924, ndiye chikombolecho n'chakale kuposa apo.

Nambala yodalirika ili pamakina enieniwo, pafupi ndi timagiya. Yanga ndi ya mamiliyoni 15, ndipo m'kaundula wa Waltham imagwera cha m'ma 1906. Potsegula ndidagwiritsa ntchito chikhadabo. Mpeni umasiya mabala.