Tinagawa ndi 30, mabatire naphwa

Kaofesi kathu ka kwa Sandwe kamadya mayuniti 220 a magetsi pamwezi: makompyuta, pulinta ndi mafani. Poyika sola, tinagawa 220 ndi masiku 30, tinapeza mayuniti 7.3 patsiku, ndipo tinagula mapanelo anayi a mawati 550.

M'Januwale, kumwamba kutaphimba mitambo, mabatire ankaphwa tisanaweruke. Cholakwa chinali chathu. Timagwira ntchito masiku 22 okha, ndipo dzuwa la Loweruka ndi Lamlungu limangopita pachabe mabatire akadzaza. Tikanagawa ndi 22, tikanapeza mayuniti 10 patsiku.

Kuno dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola asanu patsiku. Koma kutentha, fumbi, mawaya ndi inivetala zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho panelo imodzi imapereka mayuniti awiri basi:

```
0.55 × 5 × 0.75 = 2.06
```

Anayi aja ankapereka 8, ife tikufuna 10. Tinaonjezera yachisanu, ndi yachisanu ndi chimodzi chifukwa cha mitambo ya dzinja.

Inunso musanagule, werengani masiku amene mumatsegula chitseko, osati a pakalendala.