Mtengo wopanda ntchito kumtunda kwa Hara

Pamene ndinkakula ku Hara, m'boma la Karonga, panalibe wotiphunzitsa ubwino wa mitengo. Akuluakulu ankangoletsa. Kumanda sutola nkhuni ngakhale youma, mkuyu waukulu sugwetsa, ndipo ukafunsa chifukwa, agogo ankati, "Unaupeza uli chilili, usiye." Lero mwana wa pulayimale amatchula ntchito za mtengo osapumira: umasunga madzi, umagwira nthaka, umapereka mankhwala. Koma mapiri a kumadzulo, m'munsi mwa Nyika, akuyera chaka ndi chaka.

Zimene ana amalowezazo n'zoona, ndipo alimi a mpunga pasikimu ya Hara amazidziwa kuposa aphunzitsi. Mitengo ikadulidwa kumtunda, mvula imamenya dothi losavala n'kuthamanga nalo kumtsinje m'malo molowa pansi. Mchenga umadzaza pamene madzi amapatukira kulowa m'ngalande, anthu n'kumafukula ndi mafosholo. Chilimwe chikafika, mtsinje umachepa msanga, ndipo a minda ya kumapeto kwa ngalande ndiwo amayamba kulira. Lamulo la nkhalango la 1997 linapatsa mafumu mphamvu zopatula nkhalango za m'midzi, linaletsanso kuotcha makala popanda chiphaso. Pamisonkhano yonse mawu ndi amodzi: samalani mitengo kuti mudye Kilombero.

Vuto ndimaliona pamenepa. Mukauza munthu kuti mtengo ndi wofunika chifukwa cha phindu, mwamulola kuwerengera. Wootcha makala wa kuphiri alibe munda pasikimu. Madzi osungikawo amapindulira ena kumunsi, pamene thumba la makala likafika pamsewu wa M1 limamupatsa ndalama tsiku lomwelo. Powerengera, iye sanalakwe.

Chinanso, chinthu chosungidwa chifukwa cha ntchito chimaloweka m'malo. Wina adula muwanga, mtengo wolimba umene umakula pang'onopang'ono kwa zaka makumimakumi, n'kubzala mbande khumi za bulugamu, pepala n'kulembedwa kuti nkhalango yabwerera. Milimo ya denga idzapezeka ndithu. Koma bowa wa m'tchire amene timazula mvula ikagwa amamera mogwirizana ndi mizu ya miombo ndi misuku, ndipo mitengoyo ikapita nayenso amapita. Nanga kamtengo kokhota kosabala chipatso, kosawaka bwino pamoto, kadzatetezedwa ndi ndani?

Sindikunena kuti agogo ankadziwa nzeru za m'mabuku. Ankaopa mizimu, ndipo anthu anali ochepa. Komabe yendani kuchoka ku Hara kulowera ku Chilumba muone pamene mitengo yachilengedwe yatsala yothithikana pakati pa midzi. Kawirikawiri ndi pamanda, pamene palibe amene anafunsapo kuti mtengowu ugula zingati.

Inu a mafumu ndi a makomiti, pitirizani kunena za madzi a mpunga. Koma popatula nkhalango ya mudzi, siyaninso chigawo chimene sichidzadulidwa ngakhale mtengo wa makala utakwera chotani, ndipo musadikire kuti wina akuuzeni ntchito yake.